Kalata yochotsa munthu ntchito izinena zoona: watha ndi udindo, kapena walephera ndi munthu?

Makalata ena ochotsa anthu ntchito m'Malawi muno amakhala ndi mzere umodzi wokha wofunika: "Tikukudziwitsani kuti ntchito yanu yatha." Chifukwa chake palibe. Woilandira amabwerera kwawo osadziwa ngati walakwa kapena ayi, ndipo sadziwanso ndalama zimene ayenera kufunsa.

Lamulo loona za ntchito la chaka cha 2000, mu gawo 57, limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka. Chifukwacho chikhoza kukhudza luso lake, khalidwe lake, kapena zosowa za kampaniyo pa kayendetsedwe ka ntchito. Apa mpamene pagona kusiyana. Kampani ikamachepetsa antchito, chimene chatha ndi udindo. Ngakhale pa mpandopo pakanakhala katswiri wotani, akanapitabe. Koma munthu akachotsedwa chifukwa chosagwira bwino ntchito, udindo ulipobe, ndipo mawa adzalembapo wina.

Tiyerekeze kuti mayi wina wagwira ntchito ya ukalaliki pa sitolo yogulitsa zipangizo zomangira kwa zaka 7, akulandira K300,000 pamwezi. Eni sitolo atseka nthambi imene iye amagwirako. Kalata yabwino ingati: "Mayi, nthambi yathu itsekedwa pa 30 Juni chifukwa malonda atsika. Potero udindo wa kalaliki wa panthambiyi watha. Tayang'ana ngati pali malo ku nthambi ina koma sitinapeze. Izi sizikukhudzana ndi kagwiridwe kanu ka ntchito." Chiganizo chomalizachi chisasowe, pakuti ndicho chimateteza mbiri ya mayiyu akamakafunsira ntchito kwina. Ngati makalaliki anali atatu ndipo wachoka mmodzi, kalata ifotokozenso njira imene anasankhira wochokayo.

Kenako ibwere nkhani ya ndalama, yolembedwa poyera. Wolandira malipiro pamwezi amayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi, kapena malipiro a mweziwo m'malo mwake. Palinso sevarensi ya pa gawo 35: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka kuyambira chaka cha 6 kufika cha 10, ndi masabata anayi pa zaka zotsatira. Tikawerenga mwezi ngati masabata anayi, mayi uja alandira K750,000 ya zaka zisanu zoyamba ndi K450,000 ya zaka ziwiri zinazo, zonse pamodzi K1,200,000, kuwonjezera pa ndalama za masiku atchuthi amene sanapume.

Tsopano titembenuze nkhaniyi. Nthambi ikuyenda bwino, koma mabuku a mayiyu sagwirizana ndi katundu wa m'sitolo mwezi ndi mwezi. Apa kalata yomuchotsa siyenera kukhala yoyamba kufika m'manja mwake. Lamulo lomwelo limati munthu asachotsedwe pa chifukwa cha luso kapena khalidwe asanapatsidwe mpata wodziteteza. Choncho kalata yomaliza imangolondola zimene zinachitika kale: "Pa 5 Malichi tinakulemberani za kusiyana kwa mabuku anu ndi katundu. Tinakupatsani miyezi itatu, komanso munthu wokuphunzitsani. Pa 12 Juni tinakhala nanu pansi ndipo munafotokoza mbali yanu. Popeza vutoli likupitirira, taganiza zothetsa ntchito yanu." Mawu ngati "ndinu waulesi" alibe malo m'kalata yotere. Pafunika masiku, zimene ankayembekezera kwa iye, ndi pamene anaperewera. Munthu akachotsedwa mwachilungamo pa chifukwa chimenechi, sevarensi salandira, ngakhale malipiro a masiku amene wagwira ndi a tchuthi amakhala akebe.

Chimene chimandiwawa ndi chizolowezi chosakaniza ziwirizi. Bwana wina, pofuna kuzemba sevarensi, amapeka zolakwa za munthu amene udindo wake wangotha. Wina, poopa kukhala pansi ndi wantchito n'kumuuza zoona, amalemba kuti akuchepetsa antchito, patangotha sabata ziwiri n'kulengeza malo omwewo m'nyuzipepala. Mabodza onsewa amaonekera msanga. Ngati munthu wagwira zaka 7 popanda kalata yomuchenjeza, "kulephera" kwake kwachokera kuti lero? Ngati udindo unatha, wakhala pa desiki lake ndani? Nkhani ikafika ku khoti la nkhani za ntchito, gawo 61 limaika udindo wopereka chifukwa pa wolemba ntchito, ndipo akalephera kutero, khoti limaona kuti kuchotsako kunali kopanda chilungamo.

Inu amene mwalandira kalata yosatchula chifukwa, lembani yanu yopempha kuti akuuzeni chifukwacho molemba, ndipo musunge kope lake. Musasaine pepala lovomereza kuti mwalandira zanu zonse musanawerengetsere nokha. Ngati simukukhutira, pitani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu miyezi itatu isanathe kuchokera tsiku limene anakuchotsani.