Pasaka ndi pa 5 kapena pa 20 Epulo? Funsani chaka musanaode katundu

Wamalonda wodalira zikondwerero amawerengera mpamba wake kuchokera pa tsiku la holide. Woweta nkhuku, wogulitsa mpunga ndi wosoka zovala onse amayamba kukonzekera kudakali masabata angapo. Vuto limabwera pamene kalendala ya pakhoma ikunena tsiku lina, uthenga wa pafoni nkumanena linanso. Ambiri amangosankha limene anena anthu ochuluka. Koma kawirikawiri masiku awiriwo amakhala oona onse, kungoti ndi a zaka zosiyana.

Pasaka, imene ena amati Isitala, ndiyo imasokoneza kwambiri chifukwa ilibe deti lokhazikika ngati Khirisimasi. Imakhala Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu pa 21 Malichi kapena pambuyo pake, monga mwa mawerengedwe a mpingo. Choncho imatha kugwa tsiku lililonse la Lamulungu pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Mu 2024 inali pa 31 Malichi. Mu 2025 inali pa 20 Epulo. Ya 2026 ndi pa 5 Epulo, ndipo ya 2027 ndi pa 28 Malichi. Munthu wonena kuti Pasaka ndi pa 20 Epulo osatchula chaka sananame, koma sanathandizenso aliyense.

Mwachitsanzo, mayi woweta nkhuku za nyama akufuna kuti nkhuku zake zipse msika wa Pasaka ya 2026. Kalendala yomwe ili mushopu mwake ikuti 20 Epulo, pomwe uthenga umene mnzake wamutumizira ukuti 5 Epulo. Nkhuku zoterezi zimatenga masabata pafupifupi 6, kapena kuti masiku 42, kuti zifike pogulitsidwa. Ngati akufuna kuyamba kugulitsa Lachinayi pa 2 Epulo 2026, tsiku loti mawa lake ndi Lachisanu Loyera, anapiye ayenera kulowa m'khola cha pa 19 Febuluwale 2026.

Akakhulupirira kalendala ija, adzawerengera kuchokera pa 17 Epulo, ndipo anapiye adzawaoda kuti afike pa 6 Malichi. Pofika pa 2 Epulo nkhukuzo zidzakhala za masiku 27 okha, zosakwana ndi masabata anayi omwe. Ogula adzapita kwa anzake, iye nkudzagulitsa chikondwerero chitatha kale. Kulakwitsa kwa mbali inayo nakonso kumadya mpamba: nkhuku zokhwima msika usanafike zimangodya chakudya tsiku ndi tsiku, phindu nkumathera m'khola. Kusiyana kwa masiku 15 okha kumakwana kuononga geni yonse.

Choyamba chimene mayiyu ayenera kuchita ndi kuyang'ana chaka pa zinthu ziwirizo. Kalendala imakhala ndi chaka pamwamba kapena pachikuto, ndipo m'mashopu ambiri kalendala yakale imatsalira pakhoma chifukwa cha chithunzi chake chokongola. Uthenga wa pafoni ndiwo wovuta, chifukwa tsiku limene wafika si tsiku limene unalembedwa. Chithunzi cha chilengezo cha chaka chatha chimatha kuzunguliranso m'magulu ngati chatsopano. Ngati chaka sichikuoneka pa chilengezocho, sichinafike poti munthu aoderepo katundu.

Chachiwiri ndi kuyesa detilo ndi tsiku la pasabata, ndipo izi sizilira ndalama iliyonse. Pasaka imakhala Lamulungu basi. Munthu akatsegula kalendala ya m'foni nkupita pa Epulo 2026, apeza kuti pa 5 ndi Lamulungu, pomwe pa 20 ndi Lolemba. Pamenepo 20 Epulo yagwa yokha. Akabwerera pa Epulo 2025 apeza kuti pa 20 ndiye panali Lamulungu, kusonyeza kuti kalendala ya pakhoma ija ndi ya chaka chimenecho. Mayeso amenewa amagwira ntchito chifukwa deti lililonse limasuntha ndi tsiku limodzi la pasabata chaka ndi chaka, kapena awiri ngati pakati padutsa Febuluwale wa masiku 29. Komabe ali ndi malire: amachotsa deti lolakwika, koma satsimikiza kuti lotsalalo ndi loona, poti Epulo ali ndi masiku a Lamulungu angapo. Nchifukwa chake nkofunika kufunsanso pamalo pachitatu podziwa nkhaniyo, monga kutchalitchi, kumene masiku a Lenti ndi Pasaka amadziwika kudakali nthawi.

Nthawi zina chaka chimakhala chimodzi koma masiku nkusiyanabe, chifukwa mbali ziwirizo zikuyankha mafunso osiyana. Tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira wa Malawi ndi pa 6 Julayi chaka chilichonse. Koma mu 2025 linagwa Lamulungu, ndiye anthu anapuma Lolemba pa 7 Julayi. Wonena kuti pa 6 ankanena za chikondwerero, wonena kuti pa 7 ankanena za tsiku lotseka maofesi ndi mabanki. Wogulitsa zakumwa ndi zokazinga kumalo a chikondwerero amafuna tsiku loyambalo. Wogulitsa nsima kwa anthu a m'maofesi, kapena wofuna kukaika ndalama kubanki, amafuna lachiwirilo. Pa nkhani ya tsiku lopuma, mawu omaliza ndi chilengezo cha boma chimene chimamveka pawailesi ndi m'nyuzipepala.

Idi ya kumapeto kwa Ramadani ili ndi khalidwe lakelake. Imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho deti la chaka chatha silingagwire ntchito. Komanso tsiku lenileni limadalira kuoneka kwa mwezi, ndiye zimene zimasindikizidwa pa kalendala zimakhala zongoyembekezera. Makalendala awiri a chaka chimodzi akasiyana ndi tsiku limodzi pa Idi, palibe chodabwitsa. Wamalonda aode katundu molingana ndi tsiku loyambirira mwa awiriwo, kenaka adikire chilengezo cha atsogoleri a Chisilamu. Katundu wosachedwa kuonongeka, monga nyama ndi masamba, ndiye woyenera kudikira mpaka chilengezocho chitamveka.

Tsiku likatsimikizika, patsala kulinena mosasokoneza wina. Yankho labwino limakhala ndi zinthu zinayi: dzina la holide, tsiku la pasabata, deti ndi mwezi wolembedwa m'mawu, ndi chaka. Polembera woperekera anapiye kapena woyendetsa galimoto ya katundu, m'malo moti “Pasaka ndi pa 5”, uthenga uziti: “Pasaka ndi Lamulungu pa 5 Epulo 2026. Lachisanu pa 3 Epulo ndi Lolemba pa 6 Epulo 2026 ndi maholide.” Mawu oti “chaka chino” ndi “sabata ya mawa” amatha ntchito uthenga ukangogona, makamaka wolembedwa mu Disembala nkuwerengedwa mu Janyuwale. Kulemba manambala okhaokha monga 5/4 nakonso nkoopsa, chifukwa mafoni ena amayamba ndi mwezi, ndipo wina akhoza kuwerenga kuti pa 4 Meyi.

Kutchula tsiku la pasabata pamodzi ndi chaka kumapatsa wolandira uthenga mwayi woyesa yekha pa foni yake. Ziwirizo zikapanda kugwirizana, adziwa nthawi yomweyo kuti pena pake palakwika, ndipo aimba foni ndalama ya oda isanatuluke m'thumba.