Kasitomala akangoti zii

Mwatumiza imelo ya mitengo Lolemba, koma kasitomala sakuyankha. Musamulembere Lachiwiri. M'makampani ambiri amene walandira imelo si amene amavomereza kugula. Ayenera kaye kukaonana ndi abwana ake kapena a zachuma, ndipo zimenezi zimatenga masiku.

Dikirani masiku atatu, mulembe Lachinayi m'mawa. Yankhani pansi pa imelo yoyamba ija kuti asavutike kufufuza mitengo, ndipo funsani funso limodzi losavuta, monga lakuti katunduyo akumufuna liti. Akakhalabe chete, papite sabata yathunthu, kenako masabata awiri. Mpata uzikula chifukwa maimelo othithikana amatopetsa, ndipo munthu akatopa amakuponyani ku Spam, kumene ngakhale imelo yanu yabwino sadzaionanso. Koma akakuuzani yekha tsiku loti mumukumbutse, tsatirani lomwelo.