Kalata yopempha malipiro ionetse khoma lomwe lamangidwa

"Bwana, simenti yakwera ndipo anyamata akufuna malipiro. Tumizani K8,000,000." Makontirakitala ambiri amalemba chonchi, kenako n'kumadabwa kuti mwini nyumba wangoti zii. Zomwe alembazo n'zoona ndithu, koma uthengawo ukungonena mavuto a womanga. Mwini nyumba, makamaka amene ali kutali ngati ku Joni, akufuna kudziwa chimene chaima pamalo pake.

Tiyerekeze kuti mgwirizano wonse ndi wa K40,000,000, wolipidwa m'magawo. Gawo la maziko ndi silabu linalipidwa kale. Lachiwiri, lomanga makoma mpaka kuthira bimu yozungulira pamwamba pake, ndi maperesenti 20, omwe ndi K8,000,000 ija. Kalata yokonzedwanso iyambire pamenepa, potchula ndime ya mgwirizano ndi mawu ake enieni, kuti ndalamayo isaoneke ngati yangoganiziridwa m'mawa womwewo.

Kenako inene zimene zatha, m'njira yoti munthu atha kupita ndi tepi n'kukayeza. Mawu oti "makoma atha" ndi osakwanira. Alembe kuti makoma onse akunja ndi am'kati afika msinkhu wa pa pulani, malintala aikidwa pa zitseko 8 ndi mawindo 11, ndipo bimu inathiridwa pa tsiku lakuti. Zithunzi zikhale za mbali zonse zinayi, ndipo china chikhale chojambulidwa konkire isanathiridwe, chifukwa ikauma palibenso angaone zitsulo zomwe zili m'katimo.

Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Ngati khoma la kukhitchini lidakali pa windo, gawolo silinathe, ndipo ine ndingalangize womanga kudikira masiku atatu kusiyana n'kulemba kuti latha. Mwini nyumba akatuma mlamu wake kukaona n'kupeza khoma lotsalalo, adzakayikira ngakhale mizere yoona ya m'kalatamo. Malata ongounjikidwa m'sitolo nawonso si ntchito yomalizidwa, pokhapokha mgwirizano utalola kulipirira zipangizo zofika pamalo.

Masamu aonekere poyera. Pa K8,000,000 pachoke maperesenti 5, kapena kuti K400,000, omwe mwini nyumba amasunga ngati chikole kufikira zolakwika zitakonzedwa. Pachokenso K800,000 yobwezera pang'onopang'ono adivansi ya K4,000,000 yomwe womanga analandira poyamba. Yotsala ndi K6,800,000. Womanga akachotsa yekha ndalamazi, mwini nyumba sakhalanso ndi chifukwa chosungira kalatayo kuti ayambe waiwerengera.

Nanga khonde lomwe mwini nyumba anawonjezera ntchito ili m'kati? K600,000 yake ikhale pa mzere wakewake, pamodzi ndi tsiku lomwe anavomereza mtengowo. Ikasakanizidwa ndi gawo lachiwiri, chiwerengero chimasiyana ndi cha mu mgwirizano, ndipo mkangano wa khonde umaimitsa malipiro onse.

Pomaliza, kalatayo iitane mwini nyumba kapena womuimira kudzayendera malowo, itchulenso tsiku lolipira malinga ndi mgwirizano, popeza akalipentala a denga sangaitanidwe ndalamayo isanalowe.