Katundu Wafika, Nanga Ndalama Zili Kuti?

Ambiri ogulitsa nsapato, zovala kapena mafuta odzola pa WhatsApp ndi Facebook ku Lilongwe ndi Blantyre amadziwa kuti kasitomala watsopano salola kutumiza ndalama katundu asanamuone. Amafuna wa kabaza afike pageti, iye atsegule phukusi, kenako alipire. Malonda amayendadi motere, koma wogulitsa ndiye amasenza chiopsezo chonse. Phukusi likatuluka m'shopu, katunduyo ndi ndalama zake zimakhala m'manja mwa anthu ena, ndipo chimene mwini wake watsala nacho ndi zimene analemba basi.

Vuto limayambira pa kalembedweko. M'kope kapena mu Excel, ambiri amakhala ndi danga limodzi lokha pa oda iliyonse, m'mene amalemba kuti "zatheka" kapena kungochonga. Koma zatheka chiyani? Oda yolipira pofika imayenda maulendo awiri. Phukusi limachoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula, ndipo ndalama zimachoka kwa wogula, kudutsa m'thumba la wonyamula, n'kukafika kwa wogulitsa. Ulendo woyamba ukhoza kutha Lachiwiri, wachiwiri n'kutha Lachisanu, kapena osatha n'komwe. Danga limodzi silingasunge nkhani ziwirizi, n'chifukwa chake munthu amaona kope lodzaza zochonga koma ndalama zokapikulira katundu wina palibe.

Mankhwala ake ndi kuzilekanitsa. Mzere uliwonse ukhale wa oda imodzi. Danga A likhale nambala ya oda, B tsiku limene phukusi latuluka, C dzina la wonyamula. Mu D mulembe pamene phukusi lili, ndipo mawu ake akhale atatu okha: panjira, lafika, labwerera. Mu E mulembe ndalama zimene wonyamula ayenera kukupatsani atachotsa kale malipiro ake, ndipo mu F zimene zafikadi m'manja mwanu. Danga F lisalembedwe chifukwa choti wa kabaza waimba foni kuti "bwana alipira". Lilembedwe ndalamazo mukaziwerenga, kapena uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ukalowa.

Tiyerekeze mayi wogulitsa nsapato ku Area 25 amene watumiza maphukusi 120 m'mwezi umodzi, ndipo pa lililonse ayenera kulandira K25,000. Pakutha pa mwezi, 90 afika, 18 alembedwa kuti abwerera, 12 adakali panjira. Funso loyamba ndi lakuti, pa maphukusi amene afika, ndalama zingati sizinabwere? Mu Excel kapena Google Sheets yankho limatuluka ndi mzere umodzi:

```
=SUMIFS(E:E,D:D,"lafika")-SUMIFS(F:F,D:D,"lafika")
```

Mbali yoyamba ikuphatikiza zonse zoyenera kulandiridwa pa maphukusi ofika, yachiwiri zimene zalandiridwadi. Kwa mayi wathuyu patuluka K225,000, kutanthauza maphukusi 9 ovalidwa kale ndi eni ake koma osalipiridwa kwa iye.

Apa m'pamene anthu amathamangira kukalipira wa kabaza, ndipo nthawi zambiri amalakwira munthu wosalakwa. Maphukusi 9 aja ayenera kuonedwa limodzilimodzi, poyang'ana tsiku la mu danga B. Tinene kuti 5 atuluka m'masiku awiri apitawa, pamene pangano ndi lakuti wonyamula amabweretsa ndalama Lachisanu lililonse. Amenewo alibe mlandu, nthawi yake sinakwane. Ena 3, mayi akafufuza mauthenga a pafoni yake, apeza kuti ogula anamutumizira yekha pa Airtel Money, wina pogwiritsa ntchito foni ya mlamu wake, ndiye dzina silinafanane ndi la m'kope. Ndalama zinafika kalekale, cholembedwa ndicho chinatsalira. Latsala phukusi limodzi, lomwe linatuluka masiku 12 apitawo, ndipo Lachisanu lapita kale wonyamula osanenapo kanthu. Pa K225,000 ija, yoyenera kuimbira foni lero ndi K25,000 yokha. Kukula kwa chiwerengero sikunena zambiri. Msinkhu wa ngongoleyo ndiwo umaloza pamene pali vuto. Ngongole ya masiku awiri ndi yabwinobwino, ya masiku 12 ikhoza kukhala kuti inagula kale petulo.

Tibwere ku maphukusi 18 obwerera. Munthu akagawa 18 ndi 120 apeza kuti 15 pa 100 alionse alephereka. Chiwerengero chimenechi n'chonyengerera, chifukwa chawerengera limodzi maphukusi 12 amene sitikudziwa kuti athera pati. Choyenera ndi kugawa ndi oda zimene nkhani yake yatha, 90 kuphatikiza 18, ndiye 108. Pamenepo kulephereka kuli pafupifupi 17 pa 100. Kusiyanaku kumakula kwambiri m'mwezi umene malonda akukwera, monga Disembala, pamene maphukusi ambiri amakhala panjira nthawi imodzi: kope limaonetsa ngati zinthu zikuyenda bwino kuposa kale, Januwale n'kudzaulula zoona. Komanso phukusi lokhala "panjira" sabata yathunthu mkati mwa mzinda umodzi silili panjira ayi, langosowa wolilemba kuti lalephereka.

Mawu akuti labwerera nawonso amafuna umboni. Wonyamula akanena kuti kasitomala wakana, phukusilo lidakali m'chikwama chake. Mayi uja akawerenga pashelefu n'kupeza mabokosi 15 m'malo mwa 18, ndiye kuti nsapato za K75,000 zili kwinakwake, ndipo mzere wa SUMIFS uja sungazione chifukwa umangoyang'ana zofika. Kumeneku ndiye kotayikira katundu mosavuta, chifukwa oda yolephereka palibe amene amaikumbukiranso. Mpofunika danga lina la tsiku limene phukusi lalandiridwanso m'shopu, lolembedwa ndi amene waligwira ndi manja.

Chifukwa cholepherekera chilembedwenso, m'mawu ochepa osasinthasintha: foni siyikupezeka, malo sanapezeke, alibe ndalama, wakana katundu. Chilichonse chili ndi mwini wake. Ngati ambiri akukana katundu, yang'anani zithunzi zanu ndi masaizi. Ngati malo sakupezeka, ndiye kuti potenga oda simukufunsa chizindikiro, popeza ku Ndirande kapena ku Mtandire munthu amapezeka ndi dzina la chigayo, tchalitchi kapena mjigo, osati nambala ya nyumba. Ngati "alibe ndalama" ikuchuluka masiku oyandikira malipiro a mwezi, pangani naye wogula tsiku lomubweretsera. Ndipo ngati "foni siyikupezeka" ikungochokera kwa wonyamula mmodzi pamene anzake akufika m'dera lomwelo, funso lili kwa iyeyo. Ine ndimaona kuti danga limeneli ndi laphindu kuposa chiwerengero cha 17 pa 100 chija, chifukwa ulendo uliwonse wolephereka wa kabaza amalipidwabe, mwinanso kawiri, kupita ndi kubwera.

Zing'onozing'ono ziwiri zimawononga masamu onsewa. Wina akalemba "afika" kapena "lafika " ndi kampata kumapeto, SUMIFS imadumpha mzerewo mwakachetechete. Njira yake ndi kuika mndandanda wosankhapo mu danga D kudzera pa Data Validation. China ndi nambala za foni. Excel imachotsa ziro woyambirira, ndipo munthu mmodzi akhoza kulembedwa ndi 099 lero, mawa ndi +26599, n'kuoneka ngati anthu awiri. Danga la foni liikidwe pa Text ndipo nambala zonse zilembedwe mofanana. Zikatero, kasitomala amene wabweza phukusi katatu amaonekera msanga, ndipo oda yake yachinayi muuzeni ayambe watumiza ya kabaza.