Klorini Amafuna Muyeso ndi Nthawi: Zimene Zimachitika M'thanki ya Madzi a M'mudzi

Mipopi yambiri ya m'midzi ya ku Mulanje, Zomba ndi maboma ena amapiri imalandira madzi otsika okha kuchokera ku mitsinje ya m'phiri, popanda injini. Ntchito yotereyi inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, ndipo pa nthawiyo madzi ankapita kwa anthu osathiridwa mankhwala chifukwa ankachokera m'nkhalango zomwe munthu sankalimamo. Lero kumtunda kwa mitsinje yambiri kuli minda, ziweto ndi nyumba. Kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno anakumbutsa makomiti a madzi kuti madzi oyera m'maso angathe kukhala ndi matenda. Makomiti ambiri tsopano amathira klorini m'thanki. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti ena amathira mongoyerekeza, supuni zingapo m'mawa, ndipo akamva kafungo pampopi mtima umakhala pansi.

Klorini akalowa m'madzi sayamba ndi tizilombo tokha. Amalimbana ndi chilichonse chomwe wapezamo: zinyalala za masamba oola, ndowe, chitsulo chosungunuka, matope. Pa kulimbanako mbali ina ya klorini imatha. Wotsala pambuyo pake ndiye amene amamaliza kupha tizilombo ndi kulondera madzi m'mapaipi mpaka mu ndowa ya kunyumba. Choncho muyeso woyenera ndi klorini amene madziwo adye, kuphatikiza amene tikufuna atsale. Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limalangiza kuti pakatha mphindi 30 chithirireni, m'lita iliyonse mutsale klorini wosachepera mamiligalamu 0.5, ndipo pampopi wakutali kwambiri asachepere 0.2. Kukagwa kolera, mulingo wa pamipopi ya anthu onse umakwezedwa kufika pa 1.0.

Palibe buku lingakuuzeni kuti mtsinje wanu umadya klorini wochuluka bwanji. Muyenera kuufunsa mtsinjewo, ndipo mafunsidwe ake ndi a ndowa zinayi.

Choyamba mumakonza madzi a klorini amphamvu, amene alangizi a zaumoyo amawatchula kuti a 1 peresenti. Ufa wa HTH, umene uli ndi klorini pafupifupi magawo 70 pa 100 ukakhala watsopano, mumatapa magalamu 15, omwe ndi pafupifupi supuni yaikulu imodzi yosasefukira, n'kusungunula mu lita imodzi ya madzi oyera. Mililita imodzi ya madzi amenewa imanyamula mamiligalamu 10 a klorini. Mukaithira mu ndowa ya malita 20, lita iliyonse yalandira mamiligalamu 0.5. Kuwerengera konse kotsatira kwatsamira pamenepa.

Tsopano tungani madzi pamene akulowera m'thanki, mudzaze ndowa zinayi zapulasitiki za malita 20. Ndi sirinji yopanda singano thirani mamililita 2 m'ndowa yoyamba, 3 m'yachiwiri, 4 m'yachitatu ndi 5 m'yachinayi. Takasani ndi ndodo yoyera, vundikirani, ikani pamthunzi, dikirani mphindi 30 za pawotchi. Kenako yezani. Kachida koyezera ndi kabokosi koonekera mkati, kokhala ndi mizere ya mitundu m'mbali mwake. Mumakatsuka ndi madzi omwe mukufuna kuyezawo, kukadzaza, n'kuponyamo piritsi la DPD 1 osaligwira ndi zala. Madzi amasanduka apinki ngati muli klorini wotsala. Mumakakweza kumene kuli kuwala, kumbuyo kwake kuli pepala loyera, n'kuwerenga msanga mzere umene ukufanana ndi mtunduwo, chifukwa mukachedwa mtundu umasintha.

Tiyerekeze kuti ndowa yoyamba yakhala yoyera mbee, yachiwiri yaonetsa 0.1, yachitatu 0.6, yachinayi 1.1. Ndowa yachitatu ndiyo yayankha. Munathiramo mamiligalamu 2 pa lita, madzi adya 1.4, patsala 0.6. Onani kuti ndowa yoyamba inalandira klorini ndithu, koma yense wathera m'zinyalala. Komiti imene ikanathira mulingo umenewo ikanamawononga ndalama tsiku ndi tsiku anthu akumwa madzi opanda chitetezo.

Kuchoka pa ndowa kupita pa thanki, muyenera kudziwa kuchuluka kwa madzi amene akulowa. Tcherani ndowa yomweyo pakamwa pa paipi yolowera. Ikadzaza m'masekondi 10, ndiye kuti akulowa malita 2 pa sekondi, kapena malita 120 pa mphindi. Malita 120 kuchulukitsa ndi mamiligalamu 2 akutipatsa mamiligalamu 240 pa mphindi, omwe ndi mamililita 24 a madzi amphamvu aja. Pa tsiku lathunthu akufunika malita pafupifupi 35, kutanthauza theka la kilogalamu ya ufa wa HTH. Nambala imeneyi msungichuma wa komiti aidziwe, pakuti ndi makilogalamu 15 pa mwezi amene ayenera kuchokera m'ndalama zimene mabanja amasonkha.

Klorini ameneyu asathiridwe kamodzi n'kamodzi. Madzi akulowa usana ndi usiku, ndiye nayenso adonthe usana ndi usiku. Kawirikawiri pamwamba pa thanki amaikapo mgolo wapulasitiki wokhala ndi kapaipi kodontheza pamalo pomwe madzi akugwera, kuti asakanikirane bwino. Mgolo wotere uli ndi zovuta ziwiri zodziwika. Ukadzaza umadontha msanga, ukamatha umadontha pang'onopang'ono, choncho m'mawa anthu amadandaula kuti madzi akuwawa pomwe madzulo mulibe kanthu. Mankhwala ake ndi kumangirira kamwa la kapaipi ku chinthu choyandama, kuti lizikhala pa kuya kofanana pansi pa madzi nthawi zonse. Vuto lachiwiri ndi nsenga zoyera ngati laimu zimene HTH amasiya, zomwe zimatseka kabowo. Sungunulirani ufa mu ndowa ina, udikhe kwa maola angapo, ndipo mutsanulire mumgolo madzi a pamwamba okha. Woyang'anira azitchera kapu yoyezera tsiku lililonse: pa mphindi 5 payenera kudontha mamililita 120.

Muyeso ukalondola, theka la ntchito latha. Theka linalo, limene ambiri amaliiwala, ndi nthawi. Nyemba sizipsa chifukwa choti mwaziika pamoto, zimafuna zikhalepo. Klorini nayenso amafuna mphindi zosachepera 30 ali limodzi ndi madzi munthu woyamba asanatunge. Kachida koyezera sikaona nthawi. Madzi amene alandira klorini mphindi 5 zapitazo aonetsa pinki wokongola, mwinanso woposa wa madzi otetezeka, pomwe tizilombo tina tikadali moyo.

Thanki ya m'chitsanzo chathu tinene kuti ndi ya malita 50,000. Ina ndi ina imadzaza usiku, ndipo kukacha amayi akatsegula mipopi yonse, madzi amatuluka malita 300 pa mphindi. Mukagawa 50,000 ndi 300 mupeza mphindi 167, ndipo mungaganize kuti nthawi ilipo yambiri. Koma madzi m'thanki sayenda pamzere ngati ana a sukulu oyembekezera phala. Ena amadula njira, kuchoka polowera kulunjika potulukira, kusiya ena ali phee m'mbali. N'chifukwa chake akatswiri amawerengera gawo chabe la nthawiyo. Thanki yopanda zipupa zokhotetsa madzi mkati amaipatsa magawo 3 pa 10 zikakhala bwino, ndipo polowera ndi potulukira zikayandikana amatsitsa mpaka gawo limodzi pa 10. Tikatenga magawo 3, mphindi 167 zija zasanduka 50. Zikadali bwino.

Koma thanki sikhala yodzaza. Akutuluka malita 300 pomwe akulowa 120 okha, ndiye ikutsika malita 180 mphindi iliyonse. Pakatha maola atatu ndi mphindi zochepa mwatsala malita 15,000. Gawani ndi 300, mupeza mphindi 50. Tengani magawo 3 pa 10, zatsala 15. Mgolo ukudontha bwinobwino, woyang'anira sanalakwitse muyeso, koma madzi akutuluka atakhala theka la nthawi yofunika, pa ola lomwe mudzi wonse ukutunga. Kuti thanki imeneyi isunge mphindi 30 pa nthawi yotanganidwayo, madzi asatsike kupyola malita 30,000. Ine ndikanakonda komiti iliyonse itawerengera nambala yake n'kujambula mzere ndi penti pa ndodo yoyezera kuya kwa thanki.

Mzerewo ukamapyoledwa tsiku ndi tsiku pali zochita. Mungagawe nthawi yotunga kuti nthambi zonse zisatsegulidwe limodzi. Mungasunthe paipi yolowera kuti ikhale mbali yotalikirana ndi potulukira, kapena kumanga chipupa cha njerwa mkati kuti madzi azizungulira, zomwe zimakweza magawo aja kufika pa 5 kapena 7. Ngati pali thanki ina kumtunda yolandira madzi osefedwa kale, klorini adonthere kumeneko, chifukwa nthawi imene madzi amakhala m'paipi yaitali imawerengedwa pafupifupi yonse. M'paipi mulibe njira yachidule. Apa mpamene timaona kuti mipopi iwiri ndiyo yofunika kuiyang'anitsitsa. Woyandikana ndi thanki uli pangozi ya kuchepa kwa nthawi, ndipo wa kumapeto uli pangozi ya kutha kwa klorini m'njira. Wakumapetowo ukaonetsa ziro pomwe pathanki pali 0.6, kawirikawiri m'mapaipi muli ndere ndi matope, kapena paipi inathyoka penapake ndipo imayamwa madzi akuda mipopi ikauma. Kuwonjezera ufa sikukonza paipi yothyoka.

Zonsezi zimagwira ntchito madzi akakhala oyera. Mvula ikagwa m'phiri mtsinje n'kufiira, ndowa zinayi za mu Okutobala sizinenanso zoona. Madzi a matope amadya klorini wambiri, ndipo tizilombo timabisala m'timibulu ta dothi momwe klorini safika. Zikatero ndi bwino kutseka polowera mpaka mtsinje utayera, kapena kudutsitsa madzi m'thanki yodikhitsa ndi sefa yamchenga, kenako kubwereza mayeso a ndowa. Madzi amene pH yake yapitirira 8, komanso madzi ozizira kwambiri a mu Juni ndi Julayi, amafooketsa klorini, choncho amafuna nthawi yotalikirapo. Mabokosi ambiri oyezera ali ndi mbali ina ya pH yokhala ndi piritsi lake. Palinso kachilombo kotsegula m'mimba kotchedwa kiriputosiporidiyamu, kopezeka m'ndowe za ana a ng'ombe, komwe klorini wa mulingo umenewu sakapha. Kameneka kamatsekedwa ndi sefa ndiponso mpanda woletsa ziweto pamalo potengera madzi.

Ufa nawonso umakalamba. Chidebe chosatsekedwa bwino m'nyumba ya malata yotentha chimataya mphamvu, ndipo magalamu 15 aja sakhalanso 1 peresenti. Mukatsegula chidebe chatsopano kapena mukamagwiritsa ntchito chokhalitsa, bwerezani ndowa zinayi. Sungani HTH pouma, pamthunzi, kutali ndi feteleza, mafuta ndi asidi wa mabatire, chifukwa akakhudzana nazo angathe kuyaka kapena kutulutsa mpweya wakupha. Wosakaniza avale magolovesi ndi zoteteza maso, agwirire ntchito panja, ndipo azithira ufa m'madzi, osati madzi mu ufa. Pambali pa chidebecho pakhale kope lolembamo tsiku, ola, kuya kwa madzi m'thanki ndi zimene kabokosi kaonetsa pa mpopi woyamba ndi womaliza, ndipo muyeso umodzi uzichitika m'mawa mipopi yonse ili yotsegula.