Musanalembe dzina la munthu pa sivi yanu, yambani mwamupempha

Zilengezo zambiri za ntchito m'nyuzipepala zathu zimathera pa mawu ofanana: tumizani kalata, sivi, ndi mayina a anthu atatu opezeka amene angakuchitireni umboni. Ofunsira ntchito ambiri amavutikira kalata ndi sivi, koma mayina atatuwo amangowakopera ku sivi yakale. Tsiku lina foni imalira kwa munthu amene sanauzidwe kanthu, ndipo yankho lake loyamba limakhala lakuti, "Mwati ndani?" Wolemba ntchito akamva funso limeneli, chikayiko chalowa kale, ngakhale mboniyo ikumbukire pambuyo pake.

Tiyerekeze mayi amene wagwira ntchito zaka zitatu m'sitolo yaikulu ya fetereza ndi mbewu, ndipo tsopano akufunsira ntchito yosunga katundu ku bungwe logawa chakudya m'sukulu. Chilengezo chikuti akufuna munthu wodziwa kulemba makhadi a katundu wolowa ndi wotuluka, kuwerenga katundu kumapeto kwa mwezi, kutulutsa kaye chakudya chimene chili pafupi kutha mphamvu, ndi kugwiritsa ntchito Excel.

Mayiyu asankhe ndani? Mtima umathamangira kwa anthu a mayina akuluakulu: abusa, aphungu a kudera, kapena amalume amene ali pa udindo m'boma. Koma wolemba ntchito sadzafunsa ngati mayiyu amapemphera. Adzafunsa kuti munagwira naye ntchito liti, anali pa udindo wanji, katundu ankasowa kapena ayi, anachoka chifukwa chiyani, ndipo kodi mungamulembenso ntchito? Mafunso amenewa angayankhidwe ndi munthu amene anaona ndi maso ake. Choncho mboni yoyamba ndi bwana amene ankamuyang'anira tsiku ndi tsiku. Yachiwiri ndi akauntanti amene ankawerenga naye matumba mwezi ukamatha. Yachitatu ingakhale mphunzitsi wake wa kukoleji, ngati sipanapite zaka zambiri. Wachibale asalowepo, chifukwa aliyense amadziwa kuti malume sanganene zoipa za mphwake.

Kupempha kuchitike kalata isanatumizidwe, osati intavyu itadutsa. Ndipo kapemphedwe kake kali ndi nzeru yake. Anthufe kukana pamaso kumativuta, ukamufunsa munthu kuti, "Ndilembe dzina lanu?" adzati lembani, ngakhale mumtima ali ndi mangawa nawe. N'chifukwa chake funso liyenera kumusiyira khomo lotulukira. Mayi uja angayimbe foni n'kunena kuti: "Bwana, ndikufunsira ntchito yosunga katundu ku bungwe lina. Kodi mukuona kuti ntchito yanga mukuikumbukira bwino moti mungandichitire umboni wabwino? Ngati nthawi ikuchepa, mundiuze, sindidandaula."

Kenako amvetsere bwino. Munthu wofunadi kukuthandiza amafunsa mafunso: ntchito yake ndi yotani, adzaimba liti, ndinene zotani za chaka chija munadwala? Amene akungoti "tiona", kapena "ingolembani, palibe vuto" n'kudula foni msanga, kapena amene watha sabata osayankha uthenga, wakana mwaulemu. Ameneyo musiyeni. Umboni wozizira, wongoti "anali bwinobwino", umapweteka kwambiri chifukwa mwini wake saumva. Amangoona kuti ntchito yapita kwa wina, osadziwa pamene zinalakwika.

Akavomera m'pamene pamayambira ntchito yeniyeni, imene ambiri amaidumpha: kumufotokozera mboniyo za ntchito imene mukufuna. Bwana uja amadziwa zambiri za mayiyu. Amadziwa kuti ankaseka ndi makasitomala, ankafika m'mamawa, ankagulitsa kwambiri nyengo ya dzinja. Akapanda kuuzidwa kanthu, adzanena zimenezi, chifukwa kusitolo n'zimene zinali zofunika. Koma bungweli silikufuna wogulitsa. Likufuna munthu amene mabuku ake amagwirizana ndi matumba amene ali m'nyumba yosungira katundu. Umboniwo udzakhala woona, koma wosakhudza chimene afunsawo akufuna kumva.

Choncho tsiku lomwelo mayiyu atumize zinthu zitatu pa imelo kapena pa WhatsApp: chilengezo cha ntchitoyo, sivi imene watumiza kubungweko, ndi uthenga waufupi wokumbutsa. Uthengawo unganene kuti: "Bwana, zikomo povomera. Ntchitoyi ndi yosunga chakudya cha ana asukulu, ndipo akufuna kwambiri munthu wosamala mabuku a katundu. Ndinagwira pansi panu kuyambira Malichi 2021 mpaka Epulo 2024 ngati kalaliki wa katundu. Mwina mukukumbukira kuti ndine ndinayambitsa zolemba tsiku lothera mphamvu pa thumba lililonse la mbewu, komanso kuti powerenga katundu chaka chatha panalibe chosowa. Akhoza kukuimbirani kapena kukutumizirani fomu mkati mwa masabata awiri akubwerawa. Kodi nambala iyi ndi imelo ija zikugwirabe?"

Uthengawu sukumuuza bwanayo zoti anene. Ukumukumbutsa zinthu ziwiri zoona zimene iye anaziona, ndipo akafuna adzazinena m'mawu ake. Kumulembera mawu oti aloweze n'kulakwa, ndipo kumaonekera msanga: mboni zitatu zikayankha ndi ziganizo zofanana, kapena mboni ikakakamira pa funso laling'ono lotsatira, wofunsayo amadziwa kuti panali kupangana.

Masiku ndi dzina la udindo ndi pamene anthu oona mtima amagwera. Sivi ikati zaka zitatu, bwana n'kuti "ziwiri kapena kuposerapo pang'ono", wolemba ntchito amayamba kukayikira sivi yonse. Mayi uja akadzitcha woyang'anira nyumba ya katundu pamene kalata yake yolembedwera ntchito imati kalaliki, mboni yoona idzamutsutsa mosadziwa. Alembe udindo weniweni, ndipo ngati ankagwiradi ntchito zoposa udindowo, apemphe bwanayo kuti akazitchule.

Nanga ngati kuntchito yakale munachoka mutayambana? Lamulo la ntchito la Malawi la chaka cha 2000, pa gawo 31, limati ntchito ikatha, wolemba ntchito ayenera kukupatsani chikalata mukachipempha, chosonyeza nthawi imene munagwira, udindo wanu ndi malipiro anu. Chikalatachi chimatsimikiza kuti munagwiradi ntchito pamalopo, koma sichilowa m'malo mwa munthu wolankhula za inu. Pezani wina wa pamalo pomwepo amene anaona ntchito yanu, ngakhale wa ku dipatimenti ina, ndipo mumuuze chilungamo cha mmene munachokera kuti funsolo lisamudzidzimutse. Ngati mukadali pa ntchito ndipo bwana wanu sakudziwa kuti mukufuna kuchoka, auzeni ofuna kukulembaniwo kuti adzamuimbire pokhapokha atatsimikiza zokupatsani ntchitoyo, ambiri amamvetsa.

Chilolezo cha chaka chatha si cha chaka chino. Anthu amasintha manambala, amapuma pa ntchito, ena amapita kunja, ndipo imelo ya kuofesi imatsekedwa munthu akachoka. Ntchito iliyonse yatsopano imene mwaitanidwira ku intavyu, mboni zanu zidziwe, ndipo zilandire chilengezo chake. Zotsatira zikatuluka, kaya mwapeza kaya mwalephera, muwauze ndi kuwathokoza, chifukwa ataya nthawi yawo ndi kuika dzina lawo pa inu. Lero lomwe tsegulani sivi yanu, muone mayina atatu ali kumapetowo, muwaimbire mmodzimmodzi musanatumize kalata ina.