Giredi 3 Si Siteji 3

Zotsatira za khansa ya m'bere zikabwera kuchokera ku labotale, nambala yomwe anthu amayamba kuiona ndi ya giredi. Pakalembedwa 3, ena amapita kukauza abale kuti matenda afika siteji 3. Koma pepala limenelo silinganene siteji, chifukwa dokotala wa ku labotale waona kanyama kamodzi kokha komwe anakadula pachotupa ndi singano. Munthu yense sanamuone.

Giredi imayankha funso lakuti: maselo a khansayi ndi aukali bwanji? Dokotala amaika kanyamako pa maikulosikopu n'kuona zinthu zitatu. Amaona ngati maselo akupangabe timapaipi ngati ta m'bere labwinobwino, ngati kachigawo kapakati pa selo kasintha kukula ndi maonekedwe, komanso kuchuluka kwa maselo omwe akugawikana. Chilichonse amachipatsa mapointi kuyambira 1 mpaka 3. Akaphatikiza n'kupeza 3 mpaka 5 ndi giredi 1, 6 kapena 7 ndi giredi 2, ndipo 8 kapena 9 ndi giredi 3. Njirayi anaikonza ndi madokotala a ku Nottingham, Elston ndi Ellis, mu 1991. Pa khansa ya m'bere palibe giredi 4.

Siteji ndi funso lina: khansa yafika pati m'thupi? Apa pamafunika kuyeza chotupa, kugwira m'khwapa, kujambula chifuwa ndi mimba, ndipo nthawi zambiri yankho lenileni limadziwika opaleshoni ikachitika. Madokotala amalemba ndi zilembo TNM, zomwe anayambitsa Pierre Denoix wa ku France m'zaka za m'ma 1940. T ndi kukula kwa chotupa: chosaposa masentimita 2 ndi T1, kufika 5 ndi T2, choposa apo ndi T3, ndipo chikalowerera pakhungu kapena pakhoma la chifuwa ndi T4. N amanena za timinofu ta m'khwapa, tija timatupa mwanabele. M amanena ngati khansa yafalikira kutali, monga m'mafupa, m'mapapo kapena m'chiwindi. M1 ndi siteji 4, kaya chotupacho n'chaching'ono bwanji.

Zili ngati moto wa kutchire. Giredi ndi ukali wa malawi, siteji ndi dera lomwe lapsa kale. Moto wofooka ukayaka tsiku lonse popanda wouzimitsa umamaliza munda, pomwe moto waukali mukauona msanga umathera pamalo amodzi.

Tiyerekeze amayi awiri. Woyamba wamva kachotupa posamba n'kupita kuchipatala sabata yomweyo. Kachotupako ndi ka masentimita 1.5, m'khwapa mulibe kanthu. Ku labotale apeza mapointi 3, 3 ndi 2, onse pamodzi 8. Ndiye kuti giredi 3, koma T1 N0 M0, siteji 1. Wachiwiri wakhala ndi chotupa zaka zingapo, poti sichimapweteka. Chafika masentimita 6, ndipo khansa yapezeka m'timinofu tiwiri ta m'khwapa. Mapointi ake ndi 1, 2 ndi 1, onse pamodzi 4. Giredi 1, koma T3 N1 M0, siteji 3A.

Mayi woyamba uja angathe kuchotsedwa chotupa chokha bere n'kutsala, ngati pali mwayi womuwotcha ndi makina pambuyo pake. Komabe madokotala angamuuze kuti alandire mankhwala a kemo ngakhale chotupa chachoka chonse, chifukwa maselo a giredi 3 amatha kuthawa msanga n'kubisala kwina. Ubwino wake ndi wakuti maselo ogawikana mwachangu ndi omwenso kemo amawagwira bwino. Mayi wachiwiri, yemwe nambala yake ya ku labotale ikuoneka yosaopsa, ndi amene akuyembekezera opaleshoni yaikulu, mwina kuchotsa bere lonse ndi timinofu ta m'khwapa, kenako kuwotcha. Siteji ndi imene imalamula kukula kwa ntchito ya dokotala wa opaleshoni. Giredi imathandiza kusankha mankhwala, pamodzi ndi mayeso ena awiri, a ER ndi HER2, omwe amaonetsa chimene chimakulitsa khansayo.

Nambala zonse ziwiri zimatha kusintha chotupa chikachotsedwa. Singano imatenga kachidutswa kochepa, ndipo mwina kuchokera mbali yofatsa ya chotupa, choncho giredi 2 imatha kukhala 3 akapima chotupa chonse. Kanyama kakachedwa kuikidwa m'mankhwala a fomalini, maselo ogawikana amaoneka ochepa, ndipo giredi imatha kutsika molakwika. Pa siteji, m'khwapa momwe dzanja silinamve kanthu mumatha kupezeka khansa pa maikulosikopu, N0 n'kukhala N1.

Kuyambira 2018, madokotala a ku America amaphatikiza giredi, ER ndi HER2 powerengera siteji ya khansa ya m'bere, moti amayi awiri a TNM yofanana amatha kupatsidwa masiteji osiyana. Komwe mayesowa sapezeka nthawi zonse, siteji imawerengedwabe ndi T, N ndi M zokha. Ine ndingalangize wodwala kuti apemphe dokotala amulembere m'buku lake lakuchipatala giredi payokha ndi zilembo zitatuzi pazokha, chifukwa akatumizidwa kuchipatala china, dokotala wakumeneko adzafuna zonse ziwiri asanasankhe chithandizo.